Ndani Wadula Ndalama Zanga? Kuwerenga Sitetimenti ya Kubanki Mzere ndi Mzere

"Banki yandidula." Mawu awa mumawamva pamzere wa makina a ATM kumapeto kwa mwezi uliwonse, ndipo nthawi zambiri wolankhulayo sakunama. Koma mukamufunsa kuti yadula zingati, tsiku liti, chifukwa cha chiyani, amangoti ndalama zake sizikukwana basi. Ndi dandaulo lotere palibe kumene mungapite, chifukwa wapakauntala amangoyang'ana pakompyuta n'kukuuzani kuti zonse zili bwino. Chimene chimapatsa dandaulo mphamvu ndi sitetimenti, pepala limene banki imalembapo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka mu akaunti yanu.

Ambirife timadalira mauthenga a pafoni kapena kapepala kakang'ono kamene makina amatulutsa. Uthenga wa pafoni umakuuzani za ndalama zimene mwatapa, koma machaji ang'onoang'ono otsatira pambuyo pake kawirikawiri amadutsa mwakachetechete. Kapepala ka pamakina nako kamangoonetsa mizere yochepa yomalizira, mawu ake ali oduladula. Pofufuza machaji mufunika sitetimenti yathunthu ya mwezi wonse. Ngati banki yanu imalola kuitenga pafoni kapena pa intaneti, itengeni kumeneko, poti yosindikiza pakauntala m'mabanki ambiri nayonso ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo mudzaupeza pa sitetimenti yotsatira.

Pepalalo limabwera m'Chingerezi, koma mitu yake ndi yowerengeka. Pali `Date`, tsiku limene banki yalemba nkhaniyo m'mabuku ake. Pali `Description`, kwina amati `Narration`, pamene amafotokoza mwachidule chimene chachitika. Kenako `Debit` ndi ndalama zotuluka, `Credit` ndi zolowa, ndipo `Balance` ndi zotsala pambuyo pa mzere umenewo. Pamwamba pali `Opening Balance`, zimene munali nazo poyamba, pansi pali `Closing Balance`. Masitetimenti ena ali ndi tsiku lachiwiri, `Value Date`, limene ndi tsiku lomwe ndalamazo zimayamba kuwerengedwa kuti zalowadi kapena zatulukadi. Cheke chimene mwaika lero chikhoza kuonekera lero lomwe koma n'kukhala chosatheka kutapa kufikira tsiku lachiwirilo litakwana.

Njira yowerengera imene ndimaikhulupirira ndi iyi. Chaji iliyonse yoyenera ili ndi kholo lake. Kholo limenelo mwina ndi chinthu chimene inu munachita, monga kutapa kapena kutumiza ndalama, apo ayi ndi kalendala, monga chaji yosungira akaunti imene imabwera mwezi uliwonse. Ntchito ya wowerenga ndi kutenga chaji iliyonse n'kuifunsa kuti kholo lake ndani. Imene yasowa kholo, kapena imene kholo lake linafafanizidwa koma iyo n'kutsala, ndiyo mukaifunse kubanki.

Tiyeni tione chitsanzo chongoyerekeza. Mitengo ili m'munsiyi ndaiika kuti masamu aoneke bwino, si ya banki ina iliyonse, ndipo msonkho wa VAT ndauwerengera pa 16.5 peresenti, mlingo umene unagwira ntchito kwa zaka zambiri kuno ku Malawi. Pa pepala lanu gwiritsani ntchito mlingo wa mwezi umene mukuwerengawo, popeza boma limatha kuusintha.

Aphunzitsi ena a kupulayimale anali ndi K5,200 mu akaunti pa 26 Meyi. Pa 27 malipiro a K310,000 analowa, zonse pamodzi n'kukhala K315,200. Tsiku lomwelo anatapa K100,000 pamakina a banki yawo. Pansi pa mzere umenewu pali timizere tiwiri: chaji ya K400 ndi msonkho wa K66. Apa palibe chodabwitsa. Chaji ili ndi kholo, ndiko kutapa kuja, ndipo msonkho nawo kholo lake ndi chajiyo, pakuti 16.5 peresenti ya K400 ndi K66 ndendende. Tisapitirire msanga pa msonkhowu: umawerengedwa pa chaji ya banki, osati pa ndalama zimene mwatapa. Kuyambira chakumapeto kwa 2021, pamene lamulo la VAT linafika pa machaji ena a kubanki, anthu ambiri akhala akuganiza kuti msonkhowu ukudya malipiro awo enieniwo. Sizili choncho. Kuuyesa n'kosavuta: chulukitsani chaji ndi mlingo wa msonkho. Yankho likafanana ndi kamzere kapansi, kachongeni. Mabanki ena saulekanitsa, amangolemba K466 pamzere umodzi, ndiye musathamangire kunena kuti akweza mtengo musanachotsemo msonkhowo.

Pa 29 Meyi aphunzitsiwa anali paulendo ndipo anakatapa pamakina a banki ina. Izi zimatheka chifukwa makina a mabanki a m'dziko muno analumikizidwa kudzera ku National Switch, koma mtengo wake nthawi zambiri umaposa wa pamakina a banki yanu. Anapempha K60,000. Makina analira ngati akuwerenga ndalama, kenako anabweza khadi, ndalama osatuluka. Anayesanso kachiwiri ndipo ulendo uno zinatuluka. Pa sitetimenti zikuoneka chonchi:

```
29/05 ATM WDL     60,000 Dr  154,734
29/05 ATM FEE      1,000 Dr  153,734
29/05 VAT            165 Dr  153,569
29/05 ATM WDL     60,000 Dr   93,569
29/05 ATM FEE      1,000 Dr   92,569
29/05 VAT            165 Dr   92,404
31/05 LEDGER FEE   2,000 Dr   90,404
31/05 VAT            330 Dr   90,074
02/06 REVERSAL    60,000 Cr  150,074
```

Chimachitika n'chakuti banki yanu imachotsa ndalama nthawi imene yavomera pempho la makina, makinawo asanatulutse kanthu. Makina akalephera, amayenera kutumiza uthenga wobweza. Uthengawo ukafika bwino, ndalama zimabwerera posakhalitsa. Ukasochera chifukwa cha netiweki kapena kuthima kwa magetsi, pamafunika kuti mabanki awiriwo ayerekeze mabuku awo ndi ndalama zimene zatsala m'makina, ndipo apa mpamene pamapita masiku. Aphunzitsi athu anadikira mpaka pa 2 Juni. Ataona uthenga woti K60,000 yabwerera, mtima unakhala pansi, nkhani n'kuiiwala.

Tsopano werengani mizere ija ndi pensulo m'manja. Kutapa koyamba kwa pa 29 Meyi kunabala mizere itatu: K60,000, K1,000 ndi K165. Mzere wa `REVERSAL` wabweza umodzi wokha. Chaji ndi msonkho wake, K1,165 pamodzi, zatsala zopanda kholo, chifukwa ntchito imene analipirira sinachitike. Kuona izi ndi diso longodutsa n'kovuta, poti kubwezako kwabwera patapita masiku anayi ndipo pakati palowa mizere ina. Ichi n'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti mukapeza mawu akuti `REVERSAL` kapena `REV`, mubwerere m'mbuyo kukafuna mzere umene ukubwezedwawo, muwerenge ana ake onse, muone ngati aliyense wabwerera. Nthawi zina chaji imabwezedwa payokha tsiku lina, choncho yang'anani mpaka kumapeto kwa pepala musanagamule.

`LEDGER FEE` ya pa 31 Meyi kholo lake ndi kalendala. Ndi chaji yosungira akaunti, ndipo kwina imalembedwa `MAINTENANCE FEE` kapena `SERVICE FEE`. Mafunso ake ndi awiri okha: kodi yabwera kamodzi m'mwezimo, nanga ikufanana ndi mtengo wa mtundu wa akaunti yanu? Funso lachiwirili anthu amalinyozera. Munthu amatsegula akaunti ali wophunzira, kapena amasamutsidwira ku akaunti ya mtundu wina atatenga ngongole, ndipo chaji yapamwezi imasintha iye osadziwa.

Wina anganene kuti K1,165 si ndalama yoti munthu n'kukwerera minibasi kupita kutauni. Taonani chimene inachita. Aphunzitsiwa anali ndi lamulo lokhazikika kubanki loti pa 5 mwezi uliwonse K80,000 izipita ku akaunti ya eni nyumba. Pa 3 Juni anayang'ana foni, anaona K150,074, ndipo anatumiza K70,000 ku akaunti yawo ya pafoni poganiza kuti patsala K80,074, yokwanira lendi. Koma kutumizako kunali ndi chaji ya K600 ndi msonkho wa K99, motero panatsala K79,375. Pa 5 Juni kompyuta ya banki inayesa kulipira K80,000, inapeza kuti pakuperewera K625, ndipo inakana. Lendi sinapite. M'malo mwake panabwera mzere wa `UNPAID STANDING ORDER` wa K5,000 ndi msonkho wa K825. Zotsala: K73,550.

Chikhala kuti K1,165 ija inabwezedwa pamodzi ndi K60,000, mu akauntimo mukanakhala K80,540 ndipo lendi ikanadutsa. Chindapusa cha K5,825 chili ndi kholo ndithu, lamulo lolipira limene linalephera, koma kulepherako kunachokera pa chaji imene sinayenera kukhalapo. Tikaphatikiza machaji onse a masiku khumi amenewa tipeza K11,650, ndipo mwa imeneyi K6,990 ndi yofunika kuifunsa. Inayo, K4,660, ndi mtengo weniweni wa ntchito zimene aphunzitsiwa anagwiritsa. Kusiyanitsa magulu awiriwa n'kofunika kwambiri. Mukapita kubanki mukukalipira machaji onse pamodzi, adzakuonetsani kuti ambiri ndi olondola ndipo dandaulo lanu lenileni lidzamira momwemo.

Ndinene chilungamo kuti pa K5,825 banki ili ndi poyankhira. Ikhoza kunena kuti zotsala zinali kuoneka pafoni, ndipo mwini akaunti ndiye anayenera kusiya malo a K699 ya kutumiza kuja. Mfundo imeneyi ili ndi mbali yake yoona. Komabe ine ndimaona kuti pamene cholakwa choyamba chili cha makina, kasitomala sayenera kusenza zotsatira zake, ndipo woyang'anira nthambi kawirikawiri amakhala ndi njira yopempha kuti chindapusa chotere chichotsedwe. Chimene chimamuthandiza kutero ndi pepala losonyeza bwinobwino kuti mzere uwu unabala uwu.

Kuti mudziwe ngati chaji yokhala ndi kholo ili pa mtengo woyenera, mufunika pepala lachiwiri, mndandanda wa mitengo ya bankiyo. Limamatidwa m'holo ya nthambi kapena kuikidwa pa intaneti, lili ndi mutu wakuti `Tariff Guide` kapena wofanana nawo. Lijambuleni ndi foni. Onani tsiku limene mitengoyo inayamba kugwira ntchito, chifukwa mabanki amaisintha, ndipo onaninso ngati mitengoyo ikuphatikiza msonkho kapena ayi. Machaji ena ndi okhazikika, ena amakwera malinga ndi kuchuluka kwa ndalama, ena ndi peresenti yokhala ndi mlingo wotsikitsitsa. Pa okhazikikawo mpamene kutapa pang'onopang'ono kumapweteka: amene watapa K10,000 kakhumi pa K466 walipira K4,660, pomwe mnzake amene watapa K100,000 kamodzi walipira K466 yokha. Banki sinalakwe apa, koma sitetimenti yakuonetsani chizolowezi chimene chikukudyerani ndalama.

Palinso ntchito ina yotopetsa imene ndimaiona kuti njosathawika. Tengani `Opening Balance`, muphatikize zonse za `Credit`, muchotse zonse za `Debit`. Yankho liyenera kukhala `Closing Balance`. Makompyuta salakwitsa masamu otere kawirikawiri, choncho zikasiyana ganizani kaye kuti tsamba lina lasowa kapena mzere wina wadumphidwa posindikiza. Onaninso kuti zotsala za kumapeto kwa mwezi wathawu ndi zomwezo zimene zayambira mwezi uno. Ndipo ngati nambala ya zotsala payokha ili ndi `Dr` kapena `OD`, kapena chizindikiro chochotsera, ndiye kuti akaunti yapitirira pansi pa ziro ndipo inu ndi amene muli ndi ngongole. Zimenezi zimachitikira ngakhale munthu amene sanapemphepo ngongole, pamene chaji yapamwezi yagwera pa akaunti yopanda kanthu. Banki ikhoza kuwerengera chiwongoladzanja pa ngongole imeneyo tsiku ndi tsiku, n'kuchilemba kumapeto kwa mwezi ngati `DEBIT INTEREST`. Akaunti zimene anthu anazisiya osatseka atasintha ntchito ndi zimene zimalowa m'dzenje limeneli, ndipo mwini wake amadzazindikira tsiku limene m'bale wamutumizira ndalama n'kupeza kuti gawo lina lamezedwa.

Mwezi umodzi suonetsa zonse. Machaji ena amabwera pa miyezi itatu iliyonse, ena kamodzi pachaka, monga ya khadi. Ndi bwino kuyala masitetimenti a miyezi itatu kapena kuposerapo pathebulo, n'kutsata mzere umodzi kudutsa miyezi yonseyo. Mukatero mumaona chaji imene inali K2,000 mu Epulo itasanduka K2,500 mu Meyi, kapena inshuwalansi imene inkayendera limodzi ndi ngongole ikupitirirabe kudulidwa ngongoleyo itatha. Mzere wotsirizawu ndi umene umandikwiyitsa kuposa ina yonse, chifukwa umagwira anthu amene avutika kale kubweza ngongole mokhulupirika. Mukamaliza ngongole, sungani kalata yotsimikizira kuti yatha, ndipo miyezi iwiri yotsatira muiwerenge ndi diso lakuthwa.

Si mzere uliwonse wachilendo umene uli chaji ya banki. Pa akaunti yosungira ndalama, chiwongoladzanja chikalowa pamatsatira kamzere kakuti `WHT`. Uwu ndi msonkho wa boma pa chiwongoladzanjacho, umene banki imangotolera m'malo mwa Malawi Revenue Authority, ndipo kudandaula kwa wapakauntala sikungausinthe. Mizere yoyamba ndi `POS` ndi zogula ndi khadi m'sitolo, ndipo dzina lolembedwapo nthawi zambiri limakhala la kampani imene inalembetsa makinawo, osati lomwe lili pachikwangwani cha sitolo. Musanaganize zakuba, yang'anani tsiku ndi kuchuluka kwa ndalama, mukumbukire kumene munali. Malisiti osungidwa m'envulopu amathandiza pano.

Zolipira pa intaneti m'ndalama zakunja zili ndi vuto lakelake. Mtengo wa chinthucho m'madola ukhoza kukhala womwewo mwezi ndi mwezi koma m'makwacha n'kumasintha. Amene anali ndi zolipira zotere mu Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, anaona mzere womwewo utalumpha popanda banki kukweza chaji iliyonse. Koma mukapeza kandalama kakang'ono kopita ku dzina lakunja limene simukulidziwa konse, musakanyalanyaze chifukwa cha kuchepa kwake. Akuba manambala a makhadi amayamba ndi kandalama kochepa poyesa ngati khadi likugwira ntchito. Apa musadikire kulemba kalata: imbani foni kubanki pa nambala imene ili kuseri kwa khadi, alitseke tsiku lomwelo. Ndipo wina akakuimbirani n'kunena kuti akufuna akubwezereni machaji koma mumuuze nambala yanu yachinsinsi, dulani foniyo, banki sifunsa nambala imeneyo.

Sitetimenti ilinso ndi malire ake. Siionetsa zimene abwana anu adula malipiro asanafike kubanki, monga ngongole zodulidwira kuntchito. Zimenezo zili pa pepala la malipiro, ndipo mzere wa `SALARY` uyenera kufanana ndi nambala yomaliza ya pepala limenelo. Siionetsanso zimene mwalipira potapa kwa ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba ndalama zitachoka kale kubanki. K70,000 ya aphunzitsi ija idzadulidwanso potapa, koma zimenezo zili m'mabuku a kampani ya foni. Ndipo m'bale akakutumizirani ndalama kuchokera ku Joni kapena ku Ulaya, mzere umene mukuuona ndi wa makwacha amene afika. Zimene mabanki apakati adula m'njira, ndiponso mtengo umene asinthira ndalamazo, kawirikawiri sizilembedwa pamenepo. Muyenera kupempha pepala la kutumizako palokha n'kuliyerekeza ndi lisiti la wotumizayo.

Mukapeza mzere wokayikitsa, pitani nawo msanga, chifukwa malamulo a akaunti m'mabanki ambiri amapereka nthawi yoti munthu adandaule, ikadutsa amatenga kuti mwavomereza. Lembani kalata yaifupi yotchula tsiku, mawu a mzerewo monga momwe alembedwera, kuchuluka kwa ndalama, nambala ya `Reference` ngati ilipo, ndi chimene mukupempha. Kwa aphunzitsi athu, pakauntala mawu ake angakhale awa: "Pepani achemwali, tandithandizani. Pa 29 Meyi makina sanandipatse ndalama. K60,000 munabweza pa 2 Juni, koma K1,165 ya chaji ndi msonkho sinabwerere, ndipo ndi imene inachititsa kuti lendi yanga ikanidwe pa 5. Ndikupempha K6,990." Wapakauntala akamva chiganizo chotere amadziwa poyambira kufufuza. Kalatayo ikhale ndi kope lake, adinde chidindo pa kope lanulo, ndipo akupatseni nambala ya dandaulo ndi tsiku loti mudzamve yankho.

Nthambi ikakhala chete kapena ikayankha zosakukhutiritsani, dandaulo lipite ku likulu la bankiyo. Kumeneko kukakanikanso, pali ofesi ya Registrar of Financial Institutions, udindo umene malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010 uli m'manja mwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo imalandira madandaulo a makasitomala a mabanki. Akulu amenewa adzayamba akufunsani ngati munadandaula kaye kubanki kwanu, ndiye tengani kope lodindidwa lija, yankho la banki ngati linabwera, ndi tsamba la sitetimenti limene mwazunguliza mizere inayi yovutayo ndi pensulo.